Potenshali ndi mphamvu yosungika: kusiyana kwake kuli pati?

Ndamaliza kuchonga mayeso a sabata yatha, ndipo funso lachitatu lagwetsa ambiri. Ndinakupatsani chaji Q ya +2 μC n'kufunsa potenshali pa mtunda wa mamita 0.5 kuchokera pa chajiyo. Ena mwayankha m'majulu. Ena mwandilembera m'mphepete mwa pepala kuti funso n'losakwanira poti sindinatchule chaji yachiwiri. Nonsenu mwasakaniza zinthu ziwiri: potenshali, V, ndi mphamvu yosungika, U.

Tiyambe ndi chinthu choti mutha kuchigwira. Pakhoma pali shelefu, mamita 2 kuchokera pansi. Mukaikapo mwala wa 1 kg, mphamvu yosungika ndi mgh = 19.6 J. Mukaikapo wa 3 kg, ndi 58.8 J. Mwala wasintha, majulu asintha, koma shelefu ili pomwepo. Chimene sichinasinthe ndi gh, majulu 19.6 pa kilogalamu iliyonse, ndipo nambala imeneyi ilipo ngakhale pashelefupo pasakhale kanthu.

Ku magetsi n'chimodzimodzi. Potenshali ndi ya malo. Imatiuza majulu amene kulombu imodzi ingakhale nawo itafika pamalopo, kaya pali chaji kaya palibe. Mphamvu yosungika imayamba kuwerengeka pokhapokha mwabweretsa chaji q, ndipo imadalira kukula kwa chajiyo:

V = U/q, kapena U = qV

N'chifukwa chake volti imodzi ndi julu imodzi pa kulombu: 1 V = 1 J/C. Amene munalemba potenshali m'majulu munaiwala kugawa ndi kulombu.

Tibwerere ku funso lija. Pa chaji imodzi yaying'ono ngati kadontho, V = kQ/r, pomwe k ili pafupifupi 9 × 10⁹ N·m²/C². Tikaikamo manambala athu, V = 36,000 V. Chaji yachiwiri sinafunike. Tsopano ikani q = +3 nC pamalopo: U = 1.08 × 10⁻⁴ J. Chotsani, muike +6 nC: U yawirikiza kawiri, 2.16 × 10⁻⁴ J, koma potenshali yochokera kwa Q ikadali 36,000 V. Kunena mosamala, mphamvu imeneyi si ya q yokha, ndi ya machaji awiriwo pamodzi, monga mmene U = kQq/r ikusonyezera. Ziro wake timamuika kutali kopanda malire, ndipo chimene timayeza kwenikweni ndi kusiyana kwa potenshali pakati pa malo awiri.

Apa ndiye pamene fanizo la shelefu limatithera. Mwala wolemera −3 kg kulibe, koma chaji ya negetivi ilipo. Ikani q = −3 nC pamalo omwe aja: V ndi +36,000 V, koma U ndi −1.08 × 10⁻⁴ J. Malo amodzi, potenshali imodzi, chizindikiro cha U chatembenuka. Chaji iliyonse mukaisiya itaima, imayamba kulowera kumene U ikuchepa. Kwa pulotoni, kumeneko ndi ku potenshali yotsika. Kwa elekitironi, ndi ku potenshali yokwera. Choncho mawu akuti "chaji imatsikira ku potenshali yochepa", amene ndawawerenga m'mapepala angapo, ndi oona pa theka la machaji okha. Musamawaloweze pamtima.

Kusiyanaku kumafotokozanso chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Mukakhuza nsapato pakapeti tsiku louma n'kugwira chitsulo, kamoto kamathetheka kuchala. Thupi lanu likhoza kukhala pa mavolti 10,000, koma ngati chaji yake ndi 1 μC yokha, mphamvu yake siipitirira 0.01 J. Mumangodzidzimuka basi. Batire ya galimoto ili ndi mavolti 12 okha, koma poti Ah imodzi ndi makulombu 3,600, yolembedwa 50 Ah imatha kukankha makulombu 50 × 3,600 = 180,000, omwe ndi majulu opitirira pang'ono 2 miliyoni. Mavolti paokha sakuuzani kuchuluka kwa mphamvu mpaka mutadziwa chaji imene ikusuntha.

Samalaninso ndi eV, elekitironi-volti. Dzina lake lili ndi volti mkati, koma ndi muyezo wa mphamvu: imene elekitironi imapeza ikadutsa kusiyana kwa volti imodzi, 1.6 × 10⁻¹⁹ J.

Pofika Lachinayi, bwerezani funso lachitatu pa r = 0.25 m. Pezani V, kenako U ya pulotoni ndi ya elekitironi, ndipo mulembe chiganizo chimodzi chonena kumene chilichonse chingalowere mutachisiya pamenepo. Yankho lopanda muyezo sindichonga.