Mtengo wa Chakudya cha pa Ukwati wa Anthu 400, Loweruka pa 15 Ogasiti 2026

Mayi ndi Bambo,

Zikomo potiperekeza kukaona malo a phwando Lachiwiri lija. Mitengo ili m'munsiyi tayiwerengera pa zomwe tidaona kumeneko: holo ilibe khitchini, magetsi ake ndi osadalirika, ndipo pali mtunda wa makilomita 60 kuchokera komwe timaphikira. Mitengo yonse ndi ya madola.

Chakudya ndi zakumwa: $6,680
Mbale imodzi ndi $14. Muli mpunga, mbatata yokazinga, nkhuku, nyama ya ng'ombe, masamba, saladi ndi zipatso. Mwaitana anthu 400 koma ife tiphika mbale 420, chifukwa ojambula, oyimba ndi oyendetsa galimoto nawonso amadya, ndipo sitifuna kuti mlendo wanu wotsiriza pamzere akapeze msuzi wokha. Mbale 420 zikukwana $5,880. Madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi $2 pa mlendo, zonse $800.

Antchito 33: $1,830
Wophika wamkulu, masiku awiri, $200. Ophika asanu, masiku awiri, $500. Operekera 20, aliyense $40, onse $800. Otsuka mbale asanu ndi mmodzi $210, woyang'anira $120.

Mudafunsa ngati operekera sangachepe kufika pa khumi. Tikupemphani, musadule pamenepa. Woperekera mmodzi tamupatsa alendo 20, ndiye kuti matebulo awiri. Tiika malo atatu otengera chakudya, alionse otengera mbali zonse ziwiri, kuti mizere ikhale isanu ndi umodzi ndipo anthu onse akhale atatenga m'mphindi 40. Tidachepetsapo antchito pa ukwati wina chifukwa eni ake adaumirira, ife n'kuvomera. Agogo ake a mkwati adaima pamzere mbale ili m'manja, beseni la nkhuku litatha, wobweretsa lina kulibe. Chakudya chinalipo chambiri kuseri, koma anthu adapita kwawo akunena kuti chidapelewera. Sitifuna zimenezo pa tsiku la mwana wanu.

Mayendedwe: $890
Galimoto ya filiji $350, lole ya katundu maulendo awiri $300, maminibasi awiri a antchito $240. Ya filijiyo siyosiyika. Nyama yaiwisi ndi saladi ziyenera kukhala pansi pa madigiri 5, ndipo ulendo umenewu m'lole wamba zikhoza kufika zitayamba kuwonongeka.

Zobwereka: $2,222
Matebulo 46 (40 a alendo, 6 operekerapo) $368, nsalu zake $184, mipando 400 $400. Mbale, masipuni, mafoloko, mipeni ndi matambula a anthu 420, $630. Ziwiya 24 zosungira chakudya chili chotentha, pamwamba pa madigiri 60, $240. Mbaula ndi gasi $220, jenereta ndi mafuta ake $180. Eni holo akakupatsani mipando ndi matebulo awo 40, tichotsa $720 pa gawo limeneli.

Zonsezi zikukwana $11,622. Pamwamba pake taikapo 10 peresenti, $1,162, ya inshuwalansi, kukonza ndondomeko ndi phindu lathu.

MTENGO WONSE: $12,784

Ukaugawa kwa alendo 400, aliyense akugwera pafupifupi $32. Tikudziwa kuti zikhoza kukudzidzimutsani pomwe pa foni tidanena $14. Ija inali ya chakudya chokha, ndipo monga mukuonera, chakudyacho sichikufika theka la ndalama zonse. Zotsalazo ndi zochinyamula, kuchisunga bwino ndi kuchifikitsa pamaso pa mlendo chikadatentha.

Keke, mowa, zokongoletsa ndi msonkho mulibe m'mtengowu.

Kalipiridwe
Kuti tikusungireni tsikuli, mupereke $5,000 posayina. Yotsala, $7,784, ilowe pofika pa 1 Ogasiti, ndipo tsiku lomwelo mutiuze chiwerengero chotsiriza cha alendo pamodzi ndi omwe sadya nyama kapena amadwala akadya zakudya zina monga mtedza. Likadutsa tsikulo, chiwerengero sichingatsike chifukwa tikhala titaoda kale. Chikakwera, wowonjezera aliyense ndi $32. Palinso $300 ya chikole cha zosweka, yomwe tibweza pasanathe sabata titawerenga ziwiya. Phwando likapitirira 9 koloko usiku, ola lililonse ndi $150 ya antchito. Mukalepheretsa kutatsala masiku oposa 60, tibweza theka la ndalama yoyamba. Kupyola pamenepo siibwezedwa.

Mitengoyi ikhala chonchi kwa masiku 30. Tisanasayinirane, bwerani ndi akwatiwo Loweruka lililonse mmawa mudzalawe chakudyacho, kwaulere, anthu anayi.

Ine wanu,
Woyang'anira zophika