Mbiri ya kampani yathu ya mtedza ya pa Kamwendo, yokonzedwanso

Amalume,

Masamba anayi aja a mbiri ya kampani ndawawerenga kawiri. Zonse zimene munalemba ndi zoona, koma mawu oti "mtedza" ndinakawapeza pa tsamba lachiwiri, nditadutsa kale njinga ya agogo, chaka chimene munasiya sukulu, ndi masomphenya a kampani. Mayi wa ku fakitale ya chiponde uja ali ndi mapepala ambirimbiri pa tebulo pake. Akawerenga mizere isanu osadziwa ngati timagulitsa mtedza kapena simenti, lathuli alikankhira pansi pa anzake.

Ndiye ndime yoyamba tsopano ikunena ntchito yathu ndi anthu amene timawagwirira. Njinga ya agogo sindinaitaye, ili kumunsi. Koma chiganizo chija choti "ndife akatswiri pa ntchito zosiyanasiyana zotukula dziko" ndachichotsa, musandikwiyire, pakuti ngakhale woumba njerwa atha kulemba chomwecho. Za minibasi ndachotsanso, poti munaigulitsa kalekale. Ziwerengero ndazitenga m'kaundula wa ku ofesi. Musindikize pa pepala lathu lija lokhala ndi dzina ndi manambala a foni pamwamba.

Ndine mwana wanu, ndikupereka moni kwa azakhali.

MBIRI YA KAMPANI

Ndife kampani ya pabanja ya pa Kamwendo m'boma la Mchinji. Timagula mtedza kwa alimi ang'onoang'ono, kuuswa, kuusankha, kuuyeza chuku, ndi kuugulitsa m'matumba a makilogalamu 50 kwa opanga chiponde, oyenga mafuta ophikira, ogaya nsinjiro, ndi amalonda otumiza mtedza kunja. Kasitomala wathu ndi amene akufuna mtedza wa mtundu umodzi, wouma, wopanda miyala, kuyambira tani imodzi mpaka matani 30 pa ulendo umodzi, ndipo alibe nthawi yoyendayenda m'midzi ndi sikelo.

Zimene timagulitsa

Mtedza umene timakhala nawo wochuluka ndi CG7, wofiira uja, wa njere zofanana kukula komanso wa mafuta ambiri. Opanga chiponde ndi oyenga mafuta amakonda umenewu. Timagulitsanso Chalimbana, mtedza wakale wa njere zikuluzikulu umene okazinga amaufunafuna, ngakhale alimi oulima akucheperachepera, choncho ofuna Chalimbana azitiuza msanga. Mtundu wotchedwa Nsinjiro, mbewu yopirira ku matenda a kadukutu, timakhala nawo pang'ono. Mitunduyi sitiisakaniza. Thumba lolembedwa CG7 mukalitsegula mupezamo CG7 mpaka pansi.

Mtundu uliwonse timaugawa patatu. Giredi yoyamba ndi njere zathunthu zosankhidwa ndi manja. Yachiwiri ndi njere zing'onozing'ono ndi zogawika pakati koma zabwinobwino, zoyenera nsinjiro ndi mafuta. Zotsalira, zija zofota, zakuda ndi zowola, sitigulitsa kuti anthu adye, ngakhale wina atabwera ndi ndalama m'manja.

Mmene timapewera chuku

Aliyense wogula mtedza wa ku Malawi funso lake loyamba ndi la chuku, ndiye tifotokoze bwino.

Chuku chimamera pa mtedza wonyowa ndipo chimasiya poizoni wotchedwa afulatokisini. Poizoniyu saoneka ndi maso, sanunkha, ndipo satha ndi kukazinga. Amawononga chiwindi, amapinimbiritsa ana. Ndi chifukwa chake mayiko ogula anaika malire: ku Ulaya mtedza wodya pompopompo usapitirire magawo 4 pa biliyoni, pomwe muyezo wa dziko lonse lapansi wa mtedza wokakonzedwanso kufakitale ndi magawo 15 pa biliyoni. Lole yonse itha kubwezedwa chifukwa cha matumba ochepa chabe.

Vuto lalikulu limayambira pakhomo pa mlimi. Mtedza wouma bwino umapweteka zala pouswa, ndiye anthu ambiri amauwaza madzi madzulo kuti makoko afewe, mmawa n'kuswa mosavuta. Ena amawaza kuti thumba lilemereko pa sikelo. Madzi amenewo ndiwo amaitana chuku. Ife tinaona kuti kulalikira kokha sikuthandiza, mlimi amavomera pamsonkhano koma zala zikayamba kutuluka matuza amatenga ndowa. Choncho mtedza wambiri timaugula uli m'makoko, n'kudzaswa tokha ndi makina pano pa Kamwendo. Mlimi wapumula ntchito yoswa, ife tadziwa kuti madzi sanaukhudze.

Thumba lililonse likafika pa sikelo, kalaliki wathu amalibaya pamwamba, pakati ndi pansi, n'kuyeza chinyezi ndi kachipangizo. Mtedza wopitirira 8 peresenti sulowa m'nyumba yosungiramo. Timaubweza, kapena timauyanika pa malona mwini wake ali pomwepo, n'kuuyezanso. Ukaswedwa umadutsa pa sefa yochotsa dothi ndi miyala, kenako umafika pa matebulo a amayi osankha. Mayi wozolowera amazindikira njere yodwala asanaitembenuze n'komwe, ndipo ena mwa amayiwa takhala nawo nyengo zisanu ndi zitatu. Pomaliza timatapa pang'onopang'ono m'matumba a mulu umodzi, kugaya, ndi kuyeza afulatokisini ndi timizere toyezera mwachangu. Zotsatira zake zimalembedwa pa chikalata chimene chimayenda ndi katunduyo. Wogula akafuna chikalata cha ku labotale ya bungwe loona za miyezo la MBS, timatumiza mtedza wokayeza tisanapakire, ndipo ndalama yake timagwirizana poyamba.

M'nyumba yosungiramo matumba amakhala pa mathandala, osagunda khoma kapena simenti. Thumba lililonse lili ndi kakhadi konena kalabu imene mtedzawo unachokera ndi tsiku limene tinaugula. Dandaulo likabwera, timadziwa mudzi woyambira kufunsa.

Alimi athu

Timagula kwa alimi pafupifupi 600 a m'makalabu 40 ozungulira Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi Waliranji. Oposa theka ndi amayi. Mwezi wa Novembala timabwereketsa mbewu yovomerezeka kwa makalabu amene anabweza bwino chaka chatha, ndipo amadzabweza pokolola. Alangizi athu awiri amayendera minda pa njinga zamoto nthawi yobzala, ndi nthawi yokumba, pamene amaonetsa alimi kuyanika mtedza uli ku mitengo yake, makoko osagona pa dothi.

Sitigula pansi pa mtengo umene boma lalengeza chaka chimenecho. Sikelo zathu zimadindidwa ndi a MBS chaka chilichonse, ndipo mlimi amaima kutsogolo kwa sikelo kuti awerenge yekha. Timalipira tsiku lomwelo, pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Mavenda nthawi zina amatiposa mtengo sabata zoyamba za msika, ndipo alimi ena amapita kumeneko, sitingabise. Ambiri amabwerera akaona kusiyana kwa sikelo.

Kuchuluka kwa katundu ndi nyengo yake

Nyengo yapitayi tinagula ndi kugulitsa matani 350. Nyumba yathu imasunga matani 200 nthawi imodzi, ndipo makina amaswa matani atatu pa tsiku magetsi akakhalapo. Akazima tili ndi injini ya dizilo. Antchito okhazikika alipo 9, ndipo ntchito ikafika pachimake timalemba amayi osankha okwana 45.

Timayamba kugula mu Meyi mtedza ukauma, ndipo katundu wambiri amatuluka kuyambira Juni mpaka Okutobala. Wofuna mtedza mu Januwale kapena Febuluwale asungitse msanga, chifukwa nthawi imeneyo nyumba imakhala itapepuka ndipo mitengo imakhala itakwera.

Kagulitsidwe

Wogula watsopano timayamba tamutumizira makilogalamu awiri aulere kuti aone ndi kuyeza yekha. Akakhutira, timalemberana mgwirizano wonena mtundu, giredi, chinyezi, malire a afulatokisini, mtengo ndi tsiku lopakira. Theka la ndalama limalipidwa poitanitsa, lotsalalo katundu akafika. Mtengo umene tapereka umakhala masiku 14 okha. Tinaphunzira mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya matumba, dizilo ndi mayendedwe n'kusintha katundu ali panjira. Mapangano amene tinali titasaina tinawakwaniritsa pa mtengo wakale, koma kuchokera pamenepo sitilonjeza mtengo wa miyezi itatu.

Tili ndi lole ya matani 10 imene imakafika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Katundu wa ku Blantyre, Mzuzu kapena wodutsa pa chipata cha Mchinji kupita ku Chipata timapangana ndi eni malole amene timagwira nawo ntchito. Otumiza kunja amakonza okha zikalata za pachipata, ife timapereka zonse zokhudza kumene mtedzawo wachokera ndi zotsatira za kuyeza.

Mtedza ukafika wosiyana ndi umene tinalemberana, tiuzeni pasanathe masiku atatu. Timabwera kudzaona, ndipo cholakwa chikakhala chathu timasintha katunduyo ndi lole yathu.

Kumene tinachokera

Bambo wa mwini kampaniyi ankagula mtedza ndi chitini m'midzi ya kwa Mkanda, n'kupalasa njinga ndi matumba awiri kukagulitsa pa Kamwendo. Njingayo ilipobe, inapachikidwa pakhoma la ofesi. Mwana wawo anayamba kugula payekha mu 2011 ndi sikelo yobwereka, ndipo chaka chachitatu anataya pafupifupi mpamba wonse pamene fakitale ina inabweza matani 12 chifukwa cha chuku. Mtedzawo anaugula woswaswa kale, wooneka bwino, osadziwa kuti unawazidwa madzi. Makina oswera oyamba anagulidwa chaka chotsatira. Kampani inalembetsedwa kuboma mu 2016, ili ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ndipo chaka chilichonse imatenga chiphaso chogulira mbewu ku Unduna wa Zamalimidwe.

Kumene tili

Tili pa Kamwendo, mumsewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, pafupi ndi mphambano ya msewu wopita ku Kasungu. Mukafika pamphambanopo funsani nyumba ya mtedza ya geti lobiriwira. Timatsegula Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 7 koloko mmawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo Loweruka timaweruka 12 koloko masana. Ofuna kuona mmene timasankhira abwere pakati pa Juni ndi Ogasiti, matebulo onse akugwira ntchito, ndipo atiimbire dzulo lake kuti adzapeze wowaonetsa.