Za chigamulo cha khoti pa mlandu wa ngongole yanu

Bambo Chirwa,

Khoti Lalikulu ku Blantyre lapereka chigamulo dzulo, ndipo mlandu sunatikomere. Woweruza wapeza kuti simenti ija munalandiradi, popeza makalata olandirira katundu ali ndi siginecha ya kapitawo wanu. Zoti matumba ena anafika atauma kale sanazivomereze chifukwa panalibe kalata kapena chithunzi cha nthawi imeneyo. Walamula kuti mulipire K8,400,000, chiwongoladzanja, komanso ndalama zimene anzathuwo awononga pa mlanduwu, zomwe khoti liwerengera padera.

Musade nkhawa za ndende. Uwu ndi mlandu wa ngongole, si wa upandu. Choopsa ndi chakuti mukapanda kulipira, iwo angatenge chilolezo cha khoti kuti masherifu adzalande katundu, monga lole yanu ija, n'kugulitsa pa okushoni, kapena kuti banki ipereke ndalama za mu akaunti yanu.

Tikhoza kuchita apilo ku Khoti la Suprimu, koma dziwani kuti apilo payokha siimitsa chigamulo. Timayenera kupempha padera kuti chiyambe chaima. Kunena mosabisa, mwayi wopambana ndi wochepa. Khoti la apilo kawirikawiri silimvanso mboni, limangoona ngati woweruza analakwitsa, ndipo tikagonjanso ndalama zidzangochuluka.

Ine ndikuona kuti ndi bwino tikambirane ndi loya wawo kuti muzilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Akakana, tidzapempha khoti.

Bwerani ku ofesi Lachinayi 9 koloko m'mawa ndi masitetimenti a ku banki a miyezi 6 yapitayi. Nthawi ya apilo ndi yochepa, choncho musaphonye. Pakadali pano musagulitse kapena kusamutsa katundu aliyense.

Ine loya wanu,
T. Mbewe