Kwa mphwanga, za mkulu wa jekete yakuda uja

Mphwanga, voisi yako ija ndaimva, ngakhale kuti pakati paja umalankhula mothamanga moti ndinachita kubwereza kkkk. Ndayankha molemba kuti amayi ako akuwerengere pang'onopang'ono, pomwe sunamve uwaimitse akubwerezere. Wafunsa zinthu ziwiri, chifukwa chomwe mkulu wa jekete yakuda wa m'katuni uja amaoneka okhumudwa, komanso ngati ndi oipadi. Gawo lomwe ukunenalo nane ndaonera usiku wathawu, nde tikambirane bwinobwino.

Choyamba, waona bwino. Ana ambiri akamaonera amangodikira kuti akita afike amugonjetse basi, koma iwe waona nkhope yake pomwe anatsala yekha. Ukukumbuka eti, atayatsa chimakina chake cha mphepo chija makaiti onse a ana aja anauluka kupita kutali, iye anaseka mokweza anthu akumuona, koma atakwera pansanja yake nkutseka chitseko kuseka konse kunathera pompo. Anavula chipewa, anakhala pampando, pambali pake pali mpando wina opanda munthu, kenako anatsegula kabokosi kaja nkutulutsa chithunzi chomwe ali ndi mng'ono wake atagwira kaiti yofiira. Sanalankhule kanthu. Munthu oti wapambana kumene samakhala chonchija ayi.

Nde chamukhumudwitsa nchani? Ine mmene ndaonera ndi zinthu zingapo zomwe zapiringizana. Paja anationetsa ali mwana pa mpikisano wa makaiti, yake inathyoka nkugwera m'matope anthu onse nkumuseka, ngakhale akuluakulu omwe amayenera kumudzutsa anasekanso. Amenewo ndi manyazi, ndipo manyazi amawawa kwambiri, pena kuposa kugwa kwenikweniko. Kenako mng'ono wake uja, yemwe anali mnzake yekhayo, anachoka, katuniyi sinatiuzebe kuti anapita kuti. Anatsala yekha, ndipo tsiku lililonse akasuzumira pawindo amaona ana ena akusewera masewero omwewo amene iye anawasiya chifukwa cha manyazi. Apa pakubwera nsanje. Munthu akasunga zoterezi mumtima kwa nthawi yaitali osauzako aliyense, kawirikawiri zimatuluka ngati mkwiyo, chifukwa kukalipa kumaoneka ngati mphamvu pomwe kulira pagulu anthu ambiri amachita nako manyazi. Iye akuganiza kuti makaiti onse akatha kumwamba ndiye kuti mtima wake usiya kuwawa. Koma waona wekha, makaiti anathadi, iye nkukhalabe pampando paja ndi chithunzi m'manja.

Tsopano ndikuuze kachinsinsi ka anthu opanga makatuni. Kukhumudwa kuja sikunangochitika mwangozi, pali anthu omwe anakhala pansi nkugwirizana kuti apa tikufuna mwana oonera amumvere chisoni mkuluyu. Katuni ndi zithunzi zambirimbiri zomwe zimasinthana mwachangu mpaka maso ako kuona ngati zikuyenda. Mufilimu mumadutsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndiye kuti mphindi imodzi yokha ndi zithunzi 1,440, ngakhale kuti ojambula pamanja ambiri amajambula 12 zokha nkumaonetsa chilichonse kawiri. Ena amajambula pamanja, ena amagwiritsa ntchito kompyuta, koma onsewo amasankha chilichonse chomwe ukuona. Ukadzaoneranso uyang'ane nsidze zake. Akamaopseza ana nsidzezo zimatsikira pakati cha pamphuno, akakhala yekha zimakwera pakatipo nkugwa m'mbali, mapewa agwa, mutu wazyolika. Uonenso mitundu, panja pamakhala zowala zachikasu ndi zofiira, m'chipinda mwake muli zotuwa ndi zabuluu. Nyimbo nayo imasintha, imayenda pang'onopang'ono. Ndipo mawu ake aja ndi a munthu weniweni yemwe anaima pa maikolofoni mu situdiyo nkumayerekeza, nthawi zambiri mawuwo amajambulidwa kaye kenako ojambula zithunzi nkumatsata kuti pakamwa pagwirizane ndi mawu. Mwina munthu ameneyo atamaliza kuseka koopsa kuja anangomwa madzi nkupita kwawo kukasewera ndi ana ake.

Uyese izi, upemphe amayi ako atsitsiretu voliyumu pamalo pomwe akutsegula kabokosi paja, uonere popanda nyimbo, kenako mukwezenso. Uona kuti mtima wako umva mosiyana. Apa sindikutanthauza kuti chisoni chomwe unamva ndi chabodza ayi, mkuluyo ndi ojambula koma chisoni chako ndi chenicheni ndipo palibe cholakwika kumumvera chisoni, usachite nazo manyazi ngakhale anzako atakuseka kuti ukuikira kumbuyo mdani.

Funso lako lachiwiri ndi lomwe landiganizitsa, lakuti kodi ndi oipadi. Sindikunamiza kuti ayi ndi wabwino kungoti anthu samumvetsa, chifukwa zomwe amachita ndi zoipa ndithu. Kamtsikana kaja kanatha masiku ambiri kakusoka kaiti yake, iye anaiononga dala kakuona, kanalira, iye anaseka. Mphepo yake ija inasasulanso denga la nyumba ya agogo aja amene sanamulakwire chilichonse, ndipo ana omwe akuwazunza panopa pa tsiku lomwe iye anasekedwa anali asanabadwe nkomwe. Nde zinthu ziwirizi zonse ndi zoona pa nthawi imodzi, mtima ukumuwawa, komanso akupweteka anzake. Kuwawa kwa mtimako kukutithandiza kumvetsa pomwe zinayambira, koma sikukumupatsa chilolezo. Zili ngati galu yemwe walasidwa ndi minga kuphazi nkukuluma, ukudziwa chomwe walumira, koma bala lako likuwawabe ndipo sungamubwezerenso dzanja lako pakamwa. Kusiyana kwake nkwakuti galu sangakhale pansi nkuganiza, pomwe mkulu uja angathe. M'mawa ulionse akadzuka ali ndi mwayi osayatsa makina aja, iye nkuwayatsabe.

Uonenso akita wako uja, kamnyamata ka nsapato zosiyana kaja. Nakonso amakaseka, kaiti yake nayo inagwapo anthu akuona, ndipo kalibe zinthu zambiri. Koma iko kanatola kaiti yake, kanalira pang'ono, nkupita kwa mnzake kukapempha kuti athandizane kumata. Olemba nkhani amakonda kuchita zimenezi dala, kuwapatsa akita ndi mdani bala lofanana kuti iwe uone kuti anasiyana pa zomwe anasankha pambuyo pake.

Ine sindikonda kunena kuti munthu ndi oipa yense kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati kuti anabadwa choncho ndipo palibe chingasinthe. Ndimakonda kunena kuti akuchita zoipa, ndipo wazichita kwa nthawi yaitali mpaka zamulowerera. Ukukumbuka tsiku lija mlongo wako anakung'ambira buku lako lojambulamo, iwe nkumubisira chidole chake mpaka analira madzulo onse? Unachita choipa, amayi ako anakudzudzula ndipo amayenera kutero. Koma sunasanduke mwana oipa, unakachitenga pomwe unabisa, unapepesa ngakhale unali utatupa masaya kkkk. Mkulu uja chomwe chamukanika ndi chimenechi, kubweza ndi kupepesa. Akadzangoti wasintha, iwe usayang'ane misozi yake yokha, uyang'ane ngati wazimitsa makina, ngati wapita kukakhoma denga la agogo aja, ngati wamuuza mtsikana uja kuti pepa ndinakulakwira popanda kuonjezera kuti koma nanenso anandiseka. Kunena zoona makatuni ena amanditopetsa pamenepa, mdani wazunza anthu magawo onse kenako kumapeto angolira kamodzi, onse nkumukumbatira nyimbo nkuyamba, basi zatha. Aaa, nanga amene analira aja? Kamtsikana kaja kali ndi ufulu okhalabe kokwiya kwa kanthawi, ndipo kakhoza kumukhululukira koma osafuna kusewera naye, zimenezo sizolakwika.

Ndikuuzenso kuti si adani onse a m'makatuni omwe ali ndi nkhani yachisoni kumbuyo kwawo. Ena ndi adyera chabe, akufuna zonse zikhale zawo. Ena anawaika kuti tiziseka akamagwa m'misampha yawo yomwe. Nde usamavutike kufunafuna misozi pa aliyense. Komanso ojambula amakonda kumupatsa mdani chibwano chosongoka, zovala zakuda, mawu okhuthala, pena chipsera kumaso, kuti umuzindikire msanga. Zimenezo ndi za m'katuni. Kunja kuno munthu wa chipsera kapena wa nkhope yosaseka akhoza kukhala wachifundo kwambiri, ndipo wina omwetulira bwino akhoza kukhala wankhanza, nkhope sikuuza zambiri, uziona zomwe munthu amachita kwa anzake makamaka ang'onoang'ono kwa iye.

Apa pokha ndimvere bwino mphwanga, chifukwa ndikuudziwa mtima wako. M'voisi muja unati ukanakhala iwe ukanakwera pansanja paja kukakhala pampando opanda munthu uja kuti asakhale yekha. Zandisangalatsa kumva choncho. Ngati ndi mnzako wa m'kalasi yemwe amakhala yekha pa buleki, inde pita ukamuitane adzasewere nanu, zimathandiza kwambiri. Koma ngati pali wina amene amakumenya, kukulanda zinthu, kukuopseza, kapena wamkulu amene akukuchita zomwe sizikukusangalatsa kenako nkumati usauze munthu chifukwa iye ali ndi mavuto, imeneyo si ntchito yako yoti umuchiritse. Iwe ndi mwana. Uchokepo ukauze amayi ako, aphunzitsi, kapena ine, ngakhale munthuyo akuoneka omvetsa chisoni bwanji. Kumunenera sikumuda, pena ndi njira yomwe akuluakulu amadziwira kuti nayenso akufunika thandizo.

Za mng'ono wake uja ine ndikuganiza kuti atulukira kutsogoloku, sangationetse chithunzi chija pachabe, ndipo ndikukayikira munthu okonza makaiti wa kumsika uja chifukwa kaiti yomwe yapachikidwa kumbuyo kwake ndi yofiiranso. Koma usandikhulupirire msanga, ukayang'ane wekha. Loweruka ndikuimbira pa vidiyo, undiuze zomwe wamva utatsitsa voliyumu, komanso uganizire funso langa ili: kaloboti kake kaja komwe kamamunyamulira masipanala koma kakuoneka kuti sikafuna, iko ndi koipa kapena ayi? Umupatse moni mlongo wako, ndipo foniyo uwabwezere amayi ako akamaliza kuwerenga, osati uyambenso gawo lina usiku uno.

Ndine amalume ako.