Kuno Kumada Msanga

Ndime 1

Amayi, kuno kumada msanga.
Disembala wa ku Glasgow, dzuwa lalowa 4 koloko isanakwane,
m'mawa 8 koloko ikwana kukadali mdima.
Kwanu ku Ntcheu mwabzala, ngumbi zatuluka,
kuno mvula imangogwa, palibe woifunsa za mbewu.
Wotchi yanga yatsalira ndi maola awiri,
inu mukamatseka chitseko kuti mugone
ine ndili pa sinki, kutsuka mbale za eni ake.

Kolasi

Ndapukwa, amayi, sindikana,
koma musandilire, sindinatayike.
Fomu ndinalemba ndekha, ndege ndinakwera ndekha,
ulendo ndi wanga, ndiumaliza.
Kusungulumwa ndimagona nako chipinda chimodzi,
koma makiyi ndimasunga ndine.

Ndime 2

Chikwama chija anayeza pa Lumbadzi,
makilogalamu 23, osapitirira:
ufa woyera, usipa, nsinjiro,
mthiko, chipande, zitenje ziwiri.
Tinasintha ndege ku Addis Ababa, zonse zinafika.
Ufa wanu unatha, pano ndimagula wa m'sitolo,
ndi wokhakhala, umafuna phala liwire nthawi yaitali.
Mbaula yamagetsi siizizira msanga,
chepetsa moto usanathire ufa wachiwiri,
ukachedwa, pansi papserera pamwamba pasanapse.
Thira pang'onopang'ono, mkono usaime,
ukathira kamodzi, udya ya mibulu.
Usipa uyambe wauviika m'madzi otentha,
tsegula zenera usanaukazinge,
apo ayi belu la utsi lilira nyumba yonse
ndipo anzako atuluka panja ndi mabulangete.
Nkhwani kulibe, sipinachi alipo,
nsinjiro zikatha, chiponde cha m'botolo, masipuni awiri.
Sizifanana, amayi, koma ndimakhuta.

Kolasi

Ndapukwa, amayi, sindikana,
koma musandilire, sindinatayike.
Kusungulumwa ndimagona nako chipinda chimodzi,
koma makiyi ndimasunga ndine.

Ndime 3

Anthu akuno si oipa ayi,
amathokoza dalaivala potsika basi,
ukasochera amakulozera njira.
Koma palibe amati odi pakhomo,
kucheza n'kupangana tsiku ndi ola.
Loweruka limatha osayankhula Chichewa,
ndimachiyankhula kwa mphika, kuti lilime lisaume.
Lamulungu ndiye lovuta:
mapemphero ola limodzi, tiyi, aliyense kwawo,
masana onse ndi anga, ndilibe wogawana naye.

Amalume atatisiya ndinamvera pa WhatsApp.
Achimwene anakweza foni pa siwa,
ndinamva nyimbo ziwiri, bandulo n'kutha.
Chipepeso ndinatumiza, dothi sindinaponye.
Ndinalira mokwanira, ndinasamba kumaso,
2 koloko ndinali m'kalasi, ndinayankhanso funso.

Mlatho

Pali Blantyre winanso kuno, amayi,
sitima imakafika, si patali,
kumene anabadwira Livingstone mu 1813.
Ndinayang'ana phiri la Ndirande, kulibe,
minibasi ya ku Limbe, kulibe.
Pansi pake pakudutsa mtsinje wa Clyde.
Ndinaseka ndekha papulatifomu,
wogwira ntchito pa siteshoni n'kundifunsa ngati ndili bwino.

Ndime 4

Auzeni abale kuti mapaundi sindikutola.
Viza imalola maola 20 pa sabata sukulu ikatsegulidwa,
ukapitirira, waika maphunziro pachiswe.
Lendi imadya zake, magetsi amadya zake,
yotsalayo ndi fizi ya mng'ono wanga ndi feteleza wanu.
Kuzizira ndakudziwa mankhwala ake:
malaya atatu opyapyala amaposa jekete limodzi,
sokosi zikanyowa vula msanga,
mafuta odzola m'manja, khungu lisang'ambike.
Za mtima mankhwala ake ndi ena:
kutsegula makatani ngakhale kunja kuli mitambo,
kuyenda wapansi kuwala kusanathe,
kuimbira mnzanga wa ku Chipata, tidye limodzi,
iye alakwitse mchere, ine ndimunene.

Kolasi

Ndapukwa, amayi, sindikana,
koma musandilire, sindinatayike.
Fomu ndinalemba ndekha, ndege ndinakwera ndekha,
ulendo ndi wanga, ndiumaliza.
Kusungulumwa ndimagona nako chipinda chimodzi,
koma makiyi ndimasunga ndine.

Ndime yotsiriza

Ogasiti ndipereka kafukufuku wanga.
Mbuzi ija musagulitse chifukwa cha ine,
denga likudontha ndamva, malata ndiwaganizira.
Mbatatesi ya pa Tsangano mundisungire mtengo wake,
ndikadzatsika basi asandiyese mlendo.
Mupereke moni kwa azakhali ndi a kwaya,
muwauze kuti alito wawo sanaiwale mawu.
Ndidule kaye, amayi, mayunitsi anu angathe,
ndili ndi masamba 40 oti ndiwerenge
ndipo laibulale atseka posachedwa.