Kwa mwana wanga, uwerenge ukaweruka

Mwana wanga,

Ndangoti ndikulembere pa WhatsApp pano chifukwa ndikati tikambe pamaso umangoti "palibe vuto amayi" kenako wathawira kuchipinda. Sindikukalipa ayi, werenga mtima uli m'malo.

Loweruka lija tikuchokera ku chinkhoswe cha msuweni wako ku Chinamwali ndinakuona mu minibasi ukufufuta zithunzi zako chimodzichimodzi, ine ndinangoyang'ana pawindo ngati sindikuona. Ndiye usiku ndinamva ukuuza mng'ono wako kuti m'kalasi mwanu monse wonyansa ndiwe, akuti anzako pa sitetasi amaoneka osalala koma iwe ayi. Nyumba yathu ino ulinso kuidziwa, munthu akatsokomola kuchipinda kwanu kuno timamva. Tulo sindinatione.

Ndiye usaseke, Lamulungu titachoka ku tchalitchi ndinapempha mtsikana wa aneba kuti andionetse mafilita akewo pa Snapchat. Mayooo! Ine wa zaka 44, makwinya onse balala, mphuno yasanduka kakang'ono kosongoka, maso akuluakulu, khungu mbee ngati sindinayendepo pa dzuwa la Okutobala kupita ku msika wa Zomba. Ndinawaonetsa bambo ako, anayang'anitsitsa mpaka kuvala magalasi, n'kufunsa kuti kodi ameneyu ndi wa kuntchito kwanu? Zaka 20 tili m'nyumba imodzi koma osandizindikira.

Kachipangizo kameneka kamayamba kapeza pamene pali maso, mphuno ndi chibwano, kenako kamafufuta timabowo ta pakhungu, kuchepetsa masaya, kuwalitsa nkhope, ndipo kamachita zomwezo kwa aliyense, n'chifukwa chake ukaona bwino atsikana a pa TikTok onse amafanana ngati obadwa mimba imodzi. Komanso amajambula kambirimbiri n'kusankhapo chimodzi. Iwe ukutenga chimodzi chosankhidwacho, chokonzedwa kale, n'kumachiyerekeza ndi nkhope yako ya 5 koloko m'mawa usanasambe. Mnzako yemweyo mawa ukamuyang'ane pa asembule, ziphuphu ali nazo. Ndipo mphuno ukuidandaulayo, foni ukaiyandikiza kumaso chimene chili pafupi ndi kamera chimakula, tayesa kumupatsa mng'ono wako akujambule ataima patali uone kusiyana kwake.

Ziphuphuzo ndi za msinkhu, thupi likamasintha khungu limatulutsa mafuta ambiri basi, si uve ayi. Usamazifinye zimasiya zipsera. Zikapitirira tidzapita limodzi kuchipatala.

Koma chandiopsa kwenikweni n'chakuti ndinakumva ukufunsa mtengo wa mafuta oyeretsa khungu aja. Izi sindinakuuzepo, ine ndinadzolapo ndili Fomu 2. Nthawi imeneyo kunalibe mafoni, tinkajambulitsa ku situdiyo n'kudikira masiku kuti chithunzi chitsukidwe, koma mtima wodziona wosakwanira unali womwewu. Mnyamata wina anandinena kuti ndine wakuda ngati mphika wa pamoto, ndinalira, ndinatenga ndalama ya sopo n'kukagula kabotolo. Miyezi yoyamba ndinayeradi anthu n'kumandiyamikira, kenako dzuwa linayamba kundiwotcha ngati tsabola, masaya anapsa. Madontho akuda amene umandiona nawo m'masayamu ndi amenewo, si obadwa nawo. Ambiri mwa mafuta amenewa amaikamo mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu, ena mpaka amawononga impso. Mnyamata uja ngakhale dzina lake ndinaliiwala, koma madontho ndili nawobe.

Sindikuuza kuti maonekedwe alibe ntchito, ndinganame, nanenso ndimakonda kutchena ndipo ndikudziwa kuti pa zaka 15 mawu a anzako amalemera kuposa a mayi ako. Ruka tsitsi, dzola mafuta abwinobwino, jambula mmene ungafunire, ngakhale filita ya makutu a galu ija imandiseketsa. Foni sindikulanda. Chimene chikundipweteka n'choti ukudana ndi nkhope imene ine ndinaidikira miyezi 9. Mphuno imeneyo ndi ya agogo ako a ku Songani, kampata ka pakati pa manoko ndi kawonso, ndiye ukamaseka ine ndimaona amayi anga amene ndinawaika m'manda. Masiku ano umaseka utatseka pakamwa ndi dzanja, ndimawasowa.

Chithunzi chimodzi cha ku chinkhoswe sunachipeze chifukwa chili mu foni mwanga, ukuvina ndi azakhali ako, thukuta kamukamu, duku litapendekeka, mano onse panja. Ndachiika pa sikirini yanga ndipo usayerekeze kuchifufuta, pasiwedi ndasintha.

Loweruka lino tikwere ku Ku Chawe awiriwiri, mng'ono wako atsale ndi bambo ake, tikakhale pa damu la Mulunguzi tidye zipatso za anyamata a m'mbali mwa msewu aja. Ukafuna kulankhula ukalankhula, ukapanda kufuna tikangokhala. Utenge juzi kumazizira kumtunda kuja.

Nsima ili m'kontena, matemba ali mu poto wamng'ono, utenthetse.

Ndine mayi ako