Ndondomeko ya ntchito ya kafukufuku wa kasungidwe ka chimanga ku Dedza, Malichi 2026 mpaka Meyi 2027

Kwa: a Dokotala ondiyang'anira, ndi a Pulofesa owathandiza
Kuchokera kwa: wophunzira wa digiri ya masitazi, koleji ya Bunda, LUANAR
Tsiku: Lolemba, 9 Malichi 2026

Chomwe ndikufufuza

Funso langa ndi limodzi. Banja likakolola chimanga, chimawonongeka chochuluka bwanji kuchokera mu Juni mpaka mu Disembala, ndipo kasungidwe kake kamasintha chiyani? Ndidzayerekeza njira zitatu: matumba otsekereza mpweya otchedwa PICS, matumba wamba othira Akiteliki, ndi chimanga chosathira mankhwala, kaya chili m'nkhokwe kapena m'matumba. Madera ndi awiri, onse m'boma la Dedza: Bembeke kumtunda kozizira, ndi Golomoti kunsi kwa mapiri komwe kumatentha. Ndawasankha dala chifukwa anankafumbwe amaswana msanga kotentha. Ndikufuna kuona ngati langizo limodzi lingakwanire alimi a mbali zonse ziwiri.

Mabanja adzakhala 120, midzi inayi ku Bembeke ndi inayi ku Golomoti, mabanja 15 pamudzi.

A Dokotala, ndikupempha kuti powerenga masikuwa mukumbukire kuti mwini kalendala iyi ndi chimanga. Mutu wa buku ukachedwa sabata ziwiri, ndikhoza kuugonera usiku n'kuupeza. Koma ndikapanda kuyeza chimanga pomwe chikulowa m'matumba mu Juni, ndilibe poyambira, ndipo ndidzadikira chaka chathunthu. N'chifukwa chake masiku anu oyambirira ndawapanikiza, pomwe a kumapeto ali ndi mpata.

Malichi mpaka Meyi 2026: kukonzekera

Mutu woyamba ndi wachiwiri ndidawapereka kale. Pofika Lachinayi, 12 Malichi, ndidzakhala nditakutumizirani mutu wachitatu wa njira zofufuzira, pamodzi ndi mafunso m'Chichewa ndi m'Chingerezi ndi kalata yopempha chilolezo cha mlimi. Tidzakumana pa 19 Malichi. Zokonza ndidzazimaliza sabata yomweyo kuti pa 27 Malichi mapepala apite kukomiti yopereka chilolezo cha kafukufuku. Ndasiya Epulo yense kuti ndidikire yankho lawo. Podikirapo ndidzalowetsa mafunso mu KoboCollect, pulogalamu ya pafoni yolembera mayankho, ndi kulemba makalata opita kwa bwanamkubwa wa boma la Dedza ndi kwa mkulu wa zaulimi.

Kuyambira pa 4 mpaka 8 Meyi ndidzayesa mafunsowo pa mabanja khumi cha ku Mitundu, pafupi ndi koleji, omwe sadzakhala nawo m'kafukufuku weniweni. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi miyeso. Mlimi sayankha m'makilogalamu. Amati ngolo ziwiri, madengu asanu, ndowa zitatu, ndipo ndowa ya kwa uyu si ya kwa uyo. Ndidzatenga sikelo kuti chilichonse chomwe atchule ndichiyeze pomwepo. Liwu loti "chowonongeka" nalonso n'lovuta: chimanga chofumbwa pang'ono mayi amapita nacho kuchigayo, ndiye kwa iye sichinawonongeke. Funso limenelo ndaligawa patatu: chomwe adataya, chomwe adapatsa nkhuku kapena nkhumba, ndi chomwe adadya ngakhale chidali chofumbwa.

Pa 21 Meyi tidzaunika zomwe zatuluka ku Mitundu, ndipo mafunso adzatsekedwa tsiku lomwelo. Pambuyo pake sindidzasinthanso liwu ngakhale limodzi. Kuyambira pa 25 mpaka 29 Meyi ndidzaphunzitsa ondithandiza anayi, amayi awiri ndi abambo awiri. Amayiwo ndi ofunika zedi, pakuti m'makomo ambiri yemwe amadziwa thumba lomwe latsegulidwa ndi tsiku lomwe lidatsegulidwa ndi mayi wa pakhomopo.

Juni mpaka Disembala 2026: kutolera

Sabata ya 1 mpaka 5 Juni ndi yokaonekera. Ndidzapita ndi alangizi a zaulimi kwa nyakwawa ya mudzi uliwonse kukafotokoza kuti ndine mwana wasukulu, sindikulemba mayina a makuponi kapena a chithandizo. Izi ndidzazinena pabwalo, anthu onse akumva. Munthu akaganiza kuti yankho lake limubweretsera thumba la feteleza, amachepetsa zomwe wakolola, ndipo sindingamudzudzule. Mabanja adzasankhidwa mwa mayere kuchokera m'kaundula wa mudzi, pamaso pa anthu.

Ulendo woyamba, 15 Juni mpaka 3 Julaye. Tidzayamba ndi Golomoti chifukwa kotentha chimanga chimauma msanga, kenako tidzakwera Khwekhwelere kupita ku Bembeke. Pakhomo lililonse tidzafunsa mafunso onse, kuwerenga matumba ndi kuwalemba manambala ndi cholembera chosafufutika, kuyeza chinyontho, ndi kutenga theka la kilogalamu la chimanga. Chimanga chofunika kusunga chisapitirire 13 pelesenti ya chinyontho. Mashini oyezera ndi amodzi okha, choncho tidzanyamulanso mabotolo ouma ndi mchere: ukagwedeza chimanga ndi mchere m'botolo, mcherewo n'kumata m'mbali, ndiye kuti sichinaume. Izi sizipereka nambala, koma zidzatithandiza kuzindikira mashini akayamba kunama. Chimanga chilichonse chomwe tatenga tidzachigula pa mtengo wa pamsika wa sabata imeneyo. Sindikufuna kutapa chakudya cha mwini mwaulere m'dzina la sukulu.

Pali vuto limodzi lomwe ndalisinkhasinkha nthawi yaitali. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, ndipo limagwira ntchito chifukwa chotsekereza mpweya: tizilombo timatsiriza mpweya womwe ulimo n'kufa. Ine ndikamalitsegula ulendo uliwonse, kapena kulibaya ndi chitsulo chotengera chimanga monga amachitira ogula pamsika, ndiye kuti ndikuwononga chinthu chomwe ndikuyeza. Choncho paulendo wachiwiri ndi wachitatu ndidzatenga m'thumba lomwe banja likuyembekeza kutsegula, ndipo alangizi adzawauziratu sabata imodzi tisanafike kuti atidikire. M'mwezi wa Disembala wapitawu, nditapita kukaona midzi, mayi wina ku Golomoti adandionetsa thumba lake lomwe ankati lamukhumudwitsa. Titalitembenuza tidapeza kabowo ka khoswe kumunsi, kosakwana chala, ndipo chimanga cha pakabowopo chidali ufa wokhawokha. Kuyambira pamenepo ndidawonjezera mzere pafomu: thumba lili pansi kapena pathandala, ndipo labooka kapena ayi. Popanda mzere umenewu ndikadanamizira thumba mlandu wa khoswe.

Ulendo wachiwiri, 14 mpaka 25 Seputembala. Mafunso ndi ochepa, ntchito yaikulu ndi kutenga chimanga ndi kuwerenga matumba otsala.

Zokambirana za m'magulu, 19 mpaka 23 Okutobala. Magulu asanu ndi atatu, amayi paokha, abambo paokha. Apa ndi pomwe ndidzamve chifukwa chomwe ena adasiyira nkhokwe n'kumagona ndi matumba kuchipinda, ndi chifukwa chomwe ena amagulitsira chimanga mu Juni mtengo uli pansi.

Ulendo wachitatu, 30 Novembala mpaka 11 Disembala. Ndikadakonda kufika mpaka Febuluwale, koma mvula ikakhazikika njira zina za kumidzi sizipitika ndi njinga yamoto, ndipo anthu amakhala ali kumunda. Ndikudziwanso kuti mabanja ena chimanga chidzakhala chitawathera. Amenewa sindidzawachotsa m'kaundula. Ndidzalemba tsiku lomwe chidatha ndi komwe chidapita, chifukwa nalonso ndi yankho.

Ntchito ya mulabu ndi kusanthula

Chimanga cha ulendo uliwonse chidzawerengedwa pasanathe masiku khumi chifikire ku Bunda, apo ayi anankafumbwe apitiriza kudya m'timapepala tanga n'kukweza manambala. Ndidzasefa, kuwerenga tizilombo tamoyo ndi takufa, kenako kupatula maso a chimanga obooka ndi abwino, kuwawerenga ndi kuwayeza kulemera. Kuwonongeka kudzapezeka motere:

```
Loss % = ((Wu × Nd) − (Wd × Nu)) / (Wu × (Nd + Nu)) × 100
```

Wu ndi kulemera kwa maso abwino, Nu ndi chiwerengero chake. Wd ndi Nd ndi za maso obooka. Njirayi ili ndi chofooka chake: diso lomwe ladyedwa lonse n'kusanduka ufa siliwerengeka. Pachifukwa ichi ndidzayezanso ufa wotsalira m'sefa ndi kuulemba padera.

Madzulo alionse a kumudzi ndidzatsegula mafomu a tsikulo tisanagone, kuti cholakwika chikakonzedwe m'mawa tikadali pamudzi womwewo. Mayina a alimi adzakhala m'fayilo yakeyake yokhoma. M'mafayilo osanthula mudzakhala manambala okha.

Kusanthula kwenikweni ndi kuyambira pa 4 Januwale mpaka 12 Febuluwale 2027. Sabata ziwiri zoyamba ndi zoyeretsa manambala mu Excel. Zitatu zotsatira ndi za R, pulogalamu yosanthulira manambala: kuyerekeza njira zitatu zija, madera awiri, ndi maulendo atatu, mosaiwala kuti banja limodzi layezedwa katatu ndiponso kuti mabanja a mudzi umodzi amafanana. Apa ndi pomwe ndidzafune kwambiri a Pulofesa. Sabata yotsiriza ndi ya zokambirana za m'magulu, zomwe ndidzakhala nditazilemba kale m'Chichewa mu Novembala.

Masiku okumana ndi ondiyang'anira

Onse ndi Lachinayi, 2 koloko masana. Zowerenga ndizitumiza masiku asanu ndi awiri tsikulo lisanafike.

19 Malichi 2026: mutu wachitatu, mafunso, kalata ya chilolezo
21 Meyi: zotuluka ku Mitundu, kutseka mafunso
16 Julaye: lipoti la ulendo woyamba ndi ndalama zomwe zagwira ntchito
8 Okutobala: manambala a ulendo wachiwiri, mafunso a magulu
17 Disembala: kutseka ntchito yotolera, kugwirizana za kasanthulidwe
18 Febuluwale 2027: matebulo ndi zithunzi za mutu wachinayi
8 Epulo: ndemanga zanu pa buku lonse, lomwe ndidzapereke pa 19 Malichi kuti mukhale nalo pafupifupi sabata zitatu

Awiri oyambawo ndi omwe sangasunthe. Ngati mudzakhale paulendo, ndikupempha kuti tidzalankhule pafoni ngakhale kwa theka la ola, kapena a Pulofesa adzagamule m'malo mwanu. Enawo akhoza kusuntha ndi sabata imodzi popanda chovuta.

Kumaliza

Kuyambira pa 19 mpaka 23 Epulo 2027 ndidzabwerera kumidzi isanu ndi itatu ija kukanena zomwe ndapeza, m'Chichewa, pabwalo lomwe ndidapemphera chilolezo. Ndaika sabata imeneyi dala anthu asanatonole chimanga chatsopano, kuti amene afune kusintha kasungidwe asinthe chaka chomwecho. Zomwe alimi adzanditsutse ndidzazilowetsa m'mutu wachisanu. Buku lomaliza ndidzalipereka ku dipatimenti Lachisanu, 28 Meyi 2027.

Chilolezo chikadzachedwa kupitirira pa 4 Meyi, sindidzafunsa mlimi aliyense, ngakhale wa ku Mitundu. Kuyesa mafunso kudzasunthira sabata ya 11 Meyi, kupatula pa 14 lomwe ndi tchuthi, ndipo tsiku la 21 Meyi lidzakhala pomwepo. Chikadzafika pa 15 Juni chisanatuluke, ndidzadikira, ndipo chikadzatuluka ndidzayamba ndi Bembeke komwe amachedwa kukolola, ndipo ndidzakupemphani tsiku lapadera loti tikambirane za Golomoti.

Ngati masikuwa akukomerani, ndikupempha kuti musayine makope awiri omwe ndasiya kwa alembi a dipatimenti pofika Lachisanu lino, 13 Malichi, kuti imodzi ipite ku ofesi ya maphunziro a masitazi, ina ndisunge ine.